Mainasi ya kutsogolo kwa bulaketi ndi ya onse okhala m'katimo

Funso: Aphunzitsi, ndili Fomu 2 kuno ku Bangula. Anatipatsa samu iyi: (5x² − 3x + 4) − (2x² − 7x + 9). Ine ndinapeza 3x² − 10x + 13 koma anandithetha, akuti yankho ndi 3x² + 4x − 5. Ndabwereza katatu, ndikupezabe langa lomwe lija. Samu zophatikiza mapolinomiyo ndimakhoza, koma zochotsera ndimangolakwa. Kodi ndikuphonya pati, nanga ndingadziwe bwanji ndekha kuti ndalakwa JCE isanafike?

Yankho: Mwana wanga, ngakhale kope lako sindinalione, mzere umene unalemba utachotsa mabulaketi ndikuudziwa. Unalemba chonchi: 5x² − 3x + 4 − 2x² − 7x + 9. Ndaona mzere umenewu m'makope ambirimbiri pa zaka zimene ndaphunzitsa masamu kuno kuchigwa, ndipo amaulemba ndi ana ochangamuka, odziwa kusonkhanitsa zigawo zofanana. Kuchokera pa mzere umenewo kupita mmunsi sunalakwitse kanthu: −3x ndi −7x zimapangadi −10x, 4 ndi 9 zimapangadi 13. N'chifukwa chake ukabwereza ukupeza zomwezo. Ukufunafuna cholakwa kumunsi pamene chinalowera pamwamba, pomwe unatsegula bulaketi yachiwiri. Mainasi imene inali panja unaipereka kwa 2x² yekha, anzake awiri aja nkuwasiya mmene analili.

Tisiye kaye x, tipite kumsika. Amayi akupatsa K10,000 kuti ukagule ndiwo pamsika wa Bangula. Wagula makakana a K3,000, tomato wa K2,000 ndi mchere wa K500. Zonse wagula ndi K5,500, ndiye chenji ndi K4,500. Tikalemba monga samu zikhala 10,000 − (3,000 + 2,000 + 500). Bulaketi ija ili ngati jumbo imene wanyamuliramo katundu, ndipo mainasi ikunena kuti mtengo wa chilichonse chili m'jumbomo uchoke pa ndalama za amayi. Tsopano tayesa kutsegula bulaketiyo mmene unachitira mu samu yako: 10,000 − 3,000 + 2,000 + 500. Ukupeza K9,500. Ndiye kuti mayi wa tomato anakupatsa tomato nkukuwonjezeranso K2,000 pamwamba, wa mchere nayenso chimodzimodzi. Ukudziwa wekha kuti pamsika sizichitika choncho. Cholondola ndi 10,000 − 3,000 − 2,000 − 500. Aliyense wa atatuwa walandira mainasi yake.

Pamenepo ana ambiri amavomera msanga. Pamene amadodoma ndi pa chigawo chimene chili kale ndi mainasi m'kati mwa bulaketi, monga −7x wako uja. Amati, iyeyu mainasi ali nayo kale, ndiye ndimusinthirenji? Tibwerere kwa wogulitsa nsomba. Makakana aja amati K3,000, iwe wanenerera, iye wakuchotsera K500. Mtengo weniweni ndi (3,000 − 500), ndipo chenji chako ndi 10,000 − (3,000 − 500), imene ndi K7,500. Taona bwino chimene chachitikira K500 ija. Pa mtengo wa nsomba inali yochotsera, koma m'thumba mwako yasanduka yowonjezera, pakuti ukanalipira yonse ukanatsala ndi K7,000 yokha. Choncho 10,000 − (3,000 − 500) ndi chimodzimodzi ndi 10,000 − 3,000 + 500. Kuchotsa chinthu chimene chinali chochepetsa kumachulukitsa zotsala. Wina akakukhululukira ngongole ya K500, walemera ndi K500 ngakhale sanakugwiritse ndalama m'manja. Kaganizidwe aka si katsopano: katswiri wa masamu wa ku India, Brahmagupta, polemba malamulo a manambala a negetivi m'chaka cha 628, ankawatchula kuti ngongole, ndipo a pozitivi ankawatchula kuti chuma. Ine mpaka lero sindinapeze njira yoposa imeneyi yofotokozera mwana wa Fomu 1.

Tsopano tiigwire samu yako yeniyeni, pang'onopang'ono. Mu bulaketi yachiwiri muli zigawo zitatu, ndipo chilichonse chili ndi chizindikiro chake chimene chimakhala kumanzere kwake: +2x², −7x ndi +9. Pulasi ya 2x² sinalembedwe, koma ilipo. Mainasi ya panja ikazifikira, +2x² asanduka −2x², −7x asanduka +7x, ndipo +9 asanduka −9. Bulaketi yoyamba siikhudzidwa, chifukwa kutsogolo kwake kulibe mainasi.

```
(5x² − 3x + 4) − (2x² − 7x + 9)
= 5x² − 3x + 4 − 2x² + 7x − 9
= 5x² − 2x² − 3x + 7x + 4 − 9
= 3x² + 4x − 5
```

Mzere wachiwiriwo ndiwo ndikufuna uugwiritsitse, ndipo chizolowezi chachikulu chimene ndingakupatse chagona pamenepo. Pa mzere umenewo usachite ntchito ina iliyonse kupatula kutsegula mabulaketi ndi kusintha zizindikiro. Usaphatikize, usachotsere, usasunthe chigawo. Ana ambiri amalakwa chifukwa amafuna kuchita zinthu ziwiri nthawi imodzi m'mutu: akusintha chizindikiro cha 7x, uku akumuphatikiza ndi 3x, uku maso ali kale pa 9. Mutu ukanyamula zitatu, chimodzi chimagwa, ndipo chimene chimagwa kawirikawiri ndi chizindikiro, poti ndi kamzere kakang'ono kosachita phokoso. Ukamaliza mzerewo, werenga zigawo. Mu funso munali zitatu ndi zitatu, ndiye pa mzere wako pakhale zisanu ndi chimodzi. Kenaka loza ndi cholembera zitatu zomalizazo chimodzichimodzi, ukuyerekeza ndi za mu funso, ndipo uone kuti palibe ngakhale chimodzi chimene chatsala ndi chizindikiro chake chakale. Ndikudziwa kuti kope limadula ndipo ana mumasunga malo, koma mzere umodzi umenewu usauumire. Ochonga mayeso amayang'ananso njira, ndipo mzere umenewu umawasonyeza kuti bulaketi unaitsegula bwino ngakhale utapunthwa kutsogolo.

Pa mzere wachitatu pali kamsampha kena kakang'ono. Posuntha zigawo kuti zofanana zikhale pamodzi, chigawo chimayenda ndi chizindikiro cha kumanzere kwake, ngati mwana kumsana. Sukusuntha 3x ayi, ukusuntha −3x. Ndipo pofika pa −3x + 7x, ganiza za ngongole: uli ndi ngongole ya zitatu, walandira zisanu ndi ziwiri, wabweza, watsala ndi zinayi. Pa 4 − 9 uli ndi zinayi koma ukufunika kupereka zisanu ndi zinayi, ndiye watsala ndi ngongole ya zisanu, −5. Mwana wina amalemba 5 chabe poti anazolowera kupulayimale kuti chaching'ono chimachotsedwa pa chachikulu.

Pali chinthu china chosangalatsa pa yankho lako lolakwa lija. Taliika pafupi ndi lolondola. Iwe unapeza −10x pomwe panafunika +4x, kusiyana kwake ndi 14x. Unapeza +13 pomwe panafunika −5, kusiyana kwake ndi 18. Tsono 14x ndi 7x kawiri, ndipo 18 ndi 9 kawiri. Sizinangochitika mwangozi. Ukaiwala kusintha chizindikiro cha chigawo, umachiwonjezera pamene unafunika kuchichotsa, kapena kuchichotsa pamene unafunika kuchiwonjezera, choncho umaphonya ndi chigawocho kawiri. Tsiku lina yankho lako likasiyana ndi la kumapeto kwa buku, peza kusiyanako, ugawe ndi 2, ndipo ukaone ngati nambala yatulukayo ili mu bulaketi yachiwiri. Ikakhalamo, wamupeza wakubayo popanda kubwereza samu yonse. Ine ndikamachonga makope ochuluka, umu ndi mmene ndimadziwira pomwe mwana waterereka ngakhale atangolemba yankho lokha.

Nanga pa mayeso, pamene palibe buku lokuuza yankho? Sankha nambala, uiike m'malo mwa x mu funso, kenaka mu yankho lako. Ziwirizo ziyenera kufanana. Titenge x = 2. Bulaketi yoyamba ikupereka 20 − 6 + 4, amene ndi 18. Yachiwiri ikupereka 8 − 14 + 9, amene ndi 3. Ndiye 18 − 3 ndi 15. Yankho lolondola, 3x² + 4x − 5, likupereka 12 + 8 − 5, amene ndi 15. Zagwirizana. Lako lija likupereka 12 − 20 + 13, amene ndi 5. Ukanachita zimenezi usanapereke kope, ukanadzigwira wekha pasanathe mphindi imodzi. Chinsinsi chake n'chakuti uwerengetse bulaketi iliyonse payokha mpaka ikhale nambala imodzi, ndipo pambuyo pake ndiye uchotsere. Ukatsegulanso mabulaketi poyesa, ubwereza cholakwa chomwe chija ndipo zidzaoneka ngati zagwirizana.

Koma kuyesa kumeneku kuli ndi malire ake, ndipo ndi bwino uwadziwe. Ana amakonda x = 0 poti n'chosavuta, koma 0 amapha zigawo zonse za x, nkungotsala manambala opanda x. Ukhoza kulakwitsa 4x ndi 3x² yemwe, 0 osakuuza kanthu. Nayenso x = 1 ali ndi khungu lake: x, x² ndi x³ zonse zimasanduka 1, choncho mwana amene walemba 3x⁴ kapena 3 yekha m'malo mwa 3x² adzaona ngati wakhoza. Ngakhale 2 amene ndagwiritsa ntchitoyu ali ndi pobisalira pamodzi, chifukwa x akakhala 2, 2x ndi x² onse ndi 4. Ngati umasokoneza ziwirizi, yesa ndi 3. Nambala imodzi ikagwirizana sindiye kuti watsimikiza kotheratu, koma ikakana, dziwa ndithu kuti penapake palakwika, mu samu kapena m'kuyesako. Popeza wanena kuti kuphatikiza umakhoza, uli ndi njira yachiwiri imene ilibe khungu lililonse: tenga yankho lako uliphatikize ndi zimene unachotsa. Uyenera kubwerera pomwe unayambira. (3x² + 4x − 5) + (2x² − 7x + 9) ikupereka 5x² − 3x + 4, bulaketi yoyamba ija yeniyeni. Ndi mmene umachitira ukawerenga chenji: chenji kuphatikiza zogula zifanane ndi ndalama unanyamula kunyumba.

Samu imakula pang'ono pamene pakati pa mainasi ndi bulaketi pakhala nambala. Iyi udzakumana nayo posachedwa, ngati sunakumane nayo kale: 4(x² + 2x − 1) − 3(x² − 2x + 5). Apa pali ntchito ziwiri pa bulaketi yachiwiri, kuchulukitsa ndi 3 komanso kusintha zizindikiro, ndipo ndaona ana akuiphonya m'njira zitatu zosiyana. Wina amalemba −3x² − 2x + 5. Ameneyu −3 wamupereka kwa woyamba yekha. Wina amalemba −3x² + 2x − 5; zizindikiro wasintha bwino, koma kuchulukitsa wakuiwala atadutsa chigawo choyamba. Wachitatu amalemba −3x² − 6x + 15. Wachulukitsa zonse ndi 3 koma mainasi yathera pa chigawo choyamba, ngati mmene unachitira iwe. Onsewa matenda awo ndi amodzi. Chimene chili panja pa bulaketi sichinafike kwa aliyense wa m'kati, monga mbale ya ndiwo imene yathera kwa okhala pafupi ndi khomo.

Kwa woyamba kumene ndimalangiza kuti ntchito ziwirizi azilekanitse. Yamba wachulukitsa ndi 3 basi, bulaketi ndi mainasi uzisiye pomwe zili. Pa mzere wotsatira ndiye utsegule bulaketi, monga tachitira poyamba paja.

```
4(x² + 2x − 1) − 3(x² − 2x + 5)
= (4x² + 8x − 4) − (3x² − 6x + 15)
= 4x² + 8x − 4 − 3x² + 6x − 15
= x² + 14x − 19
```

Taona kuti mzere wachiwiri wasandutsa samu yovuta kukhala yofanana ndendende ndi imene unanditumizira. Tiyese ndi x = 2: 4 kuchulukitsa ndi (4 + 4 − 1) ndi 28, 3 kuchulukitsa ndi (4 − 4 + 5) ndi 15, ndipo 28 − 15 ndi 13. Yankho likupereka 4 + 28 − 19, amene ndi 13. Aphunzitsi ena amakonda kuti mwana achulukitse ndi −3 kamodzinkamodzi, akujambula timivi kuchokera pa −3 kupita ku chigawo chilichonse. Njira imeneyo ndi yolondola ndipo ndi yachangu, udzafikako. Koma ili ndi ngozi yake kwa amene sanakhazikike: akachulukitsa −3 ndi −2x nkupeza +6x, amakumbukiranso lamulo la kusintha zizindikiro, nkusinthanso kachiwiri kukhala −6x. Mainasi imodzi yagwira ntchito kawiri. Sankha njira imodzi pa samu imodzi. Ngati mainasi waiphatikiza ndi 3, yatha ntchito. Ngati waisiya panja, idikire mzere wake.

Nthawi zina funso silibwera ndi mabulaketi konse, limabwera m'mawu. Likhoza kunena kuti chotsa 2x − 5 pa 7x + 1. Apa mabulaketi uyenera kuika wekha usanachite china chilichonse. Ukapanda kutero ulemba 7x + 1 − 2x − 5, nkupeza 5x − 4, pamene (7x + 1) − (2x − 5) ikupereka 5x + 6. Ndiye palinso nkhani ya amene ayambe. Mayeso amabwera m'Chingerezi, ndipo m'funso lotere chimene chatchulidwa koyamba ndicho chochotsedwa, choncho chimalembedwa kumapeto. Ukakayika, ika manambala wamba m'malo mwake: ndikakuuza kuti chotsa 3 pa 10, sulemba 3 − 10, umalemba 10 − 3. Amene watembenuza amapeza −5x − 6, yankho limene manambala ake onse ndi olondola koma zizindikiro zonse zatembenuka. Ukaona zotere m'kope lako, bulaketi unaitsegula bwino, unangosinthanitsa malo.

Ena amakonda kundandalika mapolinomiyo wina pansi pa mnzake, monga tinkachitira ndi manambala kupulayimale. Njirayi ndi yabwino polinomiyo ikakhala yaitali, koma imaluma pamene chigawo china palibe. Tenga (4x³ − x + 6) − (x³ + 2x² − 5). Woyamba alibe x², wachiwiri alibe x. Mwana wopupuluma amangondandalika zitatu pansi pa zitatu, 2x² nkukhala pansi pa x, nkuyamba kuchotsera zinthu zosafanana, ngati kuchotsa mbuzi pa matumba a thonje. Wina amandandalika bwino, koma poona kuti pamwamba pa 2x² palibe kanthu, amangomutsitsa mmene alili, +2x², kuiwala kuti 0 kuchotsa 2x² ndi −2x². Mankhwala ake ndi kudzaza mipata ndi 0, kusintha zizindikiro zonse za mzere wapansi, kenaka nkuphatikiza.

```
   4x³ + 0x² −  x +  6
 −  x³ − 2x² − 0x +  5
 ----------------------
   3x³ − 2x² −  x + 11
```

Mzere wapansiwo ndaulemba utasinthidwa kale: +x³ wakhala −x³, +2x² wakhala −2x², ndipo −5 wakhala +5. Ukafika pamenepo ukuphatikiza basi, usachotserenso. Poyesa ndi 2, woyamba akupereka 32 − 2 + 6, amene ndi 36, wachiwiri 8 + 8 − 5, amene ndi 11, kusiyana ndi 25. Yankho nalo likupereka 24 − 8 − 2 + 11, amene ndi 25. Kumbukiranso kuti −x ndi −1x. Pamene sipanalembedwe nambala pali 1 wobisala, ndipo 4x³ − x³ ndi 3x³, osati 4.

Chomaliza chimene ndingatchule chikuoneka chaching'ono, koma chadyera ana malikisi ambiri ndikuona. Ndi kalembedwe. Mwezi wa Okutobala kuno, dzuwa likaswa mtengo, dzanja limachita thukuta, pepala limanyowa, bolopeni imadumphadumpha. Ndinagwirapo kope la mnyamata wina amene anachita zonse molondola mpaka mzere wachitatu, koma mainasi yake ya pa −9 inali kadontho ngati phazi la nyerere, ndipo pa mzere wotsatira iye mwini anaiwerenga ngati palibe kanthu, nkulemba 9. Lemba mainasi yotalika bwino, yosiyana ndi kadontho, ndipo usiye kampata pakati pa zigawo. Ukafuna kusintha chizindikiro, usachidinde pamwamba pa chakale mpaka osadziwika ngati ndi pulasi kapena mainasi. Lemba mzere watsopano.

Madzulo ano, kusanade, tenga kope uyese ziwiri izi: (6a² − a − 8) − (4a² − 5a + 3), ndi ina iyi, 2(y² − 3y + 1) − 5(y² − y − 2). Mayankho sindikupatsa dala. Pa iliyonse lemba mzere wotsegula mabulaketi pawokha, werenga zigawo, kenaka uyese ndi 3. Pa yoyamba funso liyenera kukupatsa 19, pa yachiwiri −18. Yankho lako likapereka zina, peza kusiyanako, uyambe kufufuza pa zizindikiro za mu bulaketi yachiwiri.